Mawu akuchedwa pa Bluetooth, tikonze bwanji nyimbo za kwaya?

Okondedwa a Mlangizi,

Ndikulemba m'malo mwa kagulu kathu ka anthu anayi komwe kamajambula nyimbo ndi mavidiyo a kwaya ya mpingo wina kuno ku Chilenje. Tili ndi laputopu imodzi, maikolofoni yolumikiza pa USB, mahedifoni awiri a Bluetooth ndi sipika ya batire ya Bluetooth yomwe timadalira magetsi akathima. Vuto lathu n'lakuti mawu akuchedwa pa Bluetooth, ndipo gwero lake talipeza. Chomwe chatiimitsa mutu ndi njira yotulukiramo popanda kutaya ndalama za kwaya, ndiye ndiyambe ndafotokoza zomwe tapeza kuti mutilangize pa zenizeni.

Mawu oyenda pa waya amafika kukhutu nthawi yomweyo. Pa Bluetooth sizitero. Laputopu imayamba yaduladula mawu m'timagawo, n'kuwapanikiza kuti achepe, kawirikawiri ndi njira yotchedwa SBC yomwe chipangizo chilichonse chomvetsera nyimbo pa Bluetooth chimakhala nayo. Timagawoto timatumizidwa pa mafunde a 2.4 GHz, omwenso Wi-Fi imagwiritsa ntchito, choncho tina timatayika panjira ndipo timayenera kutumizidwanso. Pofuna kuti nyimbo isamadukeduke, hedifoni siimba kagawo kakangofika. Imayamba yasonkhanitsa tingapo, ngati mmene timatungira madzi mumgolo kuti pampopi pakauma pakhomo pasasowe madzi. Kusungako ndi komwe kumadya nthawi yambiri. Zonse pamodzi zimachedwetsa mawu ndi mamilisekondi pakati pa 150 ndi 250 pa mahedifoni wamba, pomwe sekondi imodzi ndi mamilisekondi 1,000, ndipo kukwera mtengo kwa hedifoni sikutanthauza kuti ifulumira.

Tinayeza tokha motere. Mu pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity tinaika kugunda kwa "tiki, tiki" pa mzere woyamba, n'kugunditsa maikolofoni pa hedifoni, n'kujambula pa mzere wachiwiri. Kenako tinakulitsa chithunzi cha mafunde ndi kuwerenga mpata wa pakati pa kugunda kwenikweni ndi kojambulidwa. Titachotsapo mpata womwe hedifoni ya waya imapereka pa muyeso womwewo, panatsala mamilisekondi 210. Titazimitsa hedifoni n'kuilumikizanso panatuluka 180, ulendo wachitatu 240. Kusinthasintha kumeneku ndi komwe kwatipweteka kuposa kuchedwa kwenikweniko.

Wina anganene kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi si kanthu. Koma mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye mamilisekondi 200 ali ngati woimba waima mamita 70 kutali ndi woimba kiyibodi. Nyimbo yathu ina imagunda ka 120 pa mphindi, kutanthauza kuti kugunda kulikonse kumatenga mamilisekondi 500. Woimba wotsatira zida pa Bluetooth amalowa mochedwa ndi pafupifupi theka la kugunda, ngakhale iye m'makutu mwake akumva kuti ali pamzere. Akafuna kudzimva yekha m'hedifoni ndiye zimafika poipa, chifukwa mawu ake amabwerera atatseka kale pakamwa, ndipo amayamba kukoka mawu kapena kuchita chibwibwi. Oimba ambiri amayamba kusokonezeka kuchedwako kukangopitirira mamilisekondi khumi kapena makumi awiri, ndiye taganizani 200.

Anzathu ena mu kwaya amatitsutsa, amati nanga bwanji akamaonera YouTube ndi mahedifoni omwewa milomo ndi mawu zimayendera limodzi? Yankho lake n'lakuti hedifoni imatha kuuza foni kuchedwa kwake, ndipo foniyo imachedwetsa chithunzi mwadala kuti zikumane. Vidiyo yomalizidwa kale itha kudikira. Munthu amene akuimba panopa sangadikiritsidwe, ndipo mapulogalamu ambiri odulira vidiyo sachita zobwezerazi ukamayendetsa chithunzi uku ndi uku.

Pa vidiyo ndi pomwe msampha wake uli wobisika kwambiri. Timajambula mafulemu, kapena kuti zithunzi, 25 pa sekondi, choncho fulemu iliyonse ndi mamilisekondi 40, ndipo kuchedwa kwa 200 ndi mafulemu asanu athunthu. Wodula vidiyo akavala Bluetooth amaona milomo ikutsogola, ndiye amakokera mawu kuti ayambe msanga ndi mafulemu asanu mpaka zimukomere. Vidiyo ija ikatuluka n'kuionera pa sipika ya foni, mawu amatsogola milomo, ndipo maso a munthu sachedwa kuzindikira zimenezi chifukwa tinazolowera kuona kaye kenako n'kumva, monga mphezi ndi bingu. Tsopano timawomba m'manja kamodzi patsogolo pa kamera tisanayambe kujambula, kuti polunzanitsa tiziyang'ana fulemu yomwe manja akumana ndi nsonga ya funde, osadalira khutu.

Kugwiritsa ntchito maikolofoni ya m'hedifoni momwemo tinakusiya msanga. Ukangoiyatsa, Bluetooth imachoka pa njira ya nyimbo ya A2DP n'kulowa ya kuimbirana foni ya HFP, yomwe kawirikawiri imatenga mawu pa 8 kHz kapena 16 kHz m'malo mwa 48 kHz ya vidiyo. Mawu a soprano amatuluka ngati akuimbira m'chitini.

Tsono mafunso athu ndi awa. Tili ndi nyimbo zinayi zomwe oimba anajambula mmodzimmodzi pa masiku osiyana, aliyense atavala Bluetooth. Tikudziwa kuti Audacity ili ndi malo olembedwa Latency compensation pomwe umaika nambala yobwezera mawu m'mbuyo, koma imathandiza kuchedwa kukakhala kofanana nthawi zonse, ndiponso imagwira pa zojambula zatsopano zokha. Kodi tikhale pansi n'kusuntha mzere wa woimba aliyense pamanja, pofunafuna pomwe chilembo cholimba ngati "t" kapena "k" chagwera pa kugunda, kapena n'kwanzeru kungoitananso oimba? Mantha athu ndi akuti ena ankadzimva okha pojambula, ndiye kuchedwa kwawo sikofanana kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndipo zotere kusuntha sikungakonze.

Pa zogula ndi pomwe tagawanika. Awiri akuti tigule kotumizira mawu ka aptX Low Latency, komwe kamatsitsa kuchedwa kufika pa mamilisekondi pafupifupi 40. Ine ndikukana, chifukwa njirayi imagwira pokhapokha kotumizira ndi hedifoni zonse zikhale nayo, apo ayi zimabwerera mwakachetechete ku njira yochedwa monga SBC, ndipo mahedifoni athu alibe. Komanso 40 ndi fulemu imodzi, yopiririka podula vidiyo koma yochulukabe kwa woimba wofuna kudzimva. Maganizo anga ndi akuti tigule kabokosi kolumikizira maikolofoni ku laputopu kokhala ndi batani la Direct Monitor, komwe mawu a woimba amapita kukhutu osadutsa mu kompyuta, ndi mahedifoni a waya otseka makutu kuti zida zisadonthere mu maikolofoni.

Chovuta n'chakuti chipinda chachete chomwe timaimbiramo chili mamita asanu ndi atatu kuchokera pomwe pamakhala laputopu, ndipo tikufuna oimba anayi azimva zida nthawi imodzi. Kodi waya wowonjezera wa hedifoni wautali chonchi sangabweretse phokoso? Nanga kogawira mawu wamba ka mabowo anayi kangakwanitse, kapena mawu adzatsika mpaka tifunike kokwezera mawu a mahedifoni kokhala ndi magetsi akeake? Ngati ndi kotero, kalipo kotenga mphamvu pa USB kapena pa batire kuti magetsi akathima ntchito isaime? Tisanapite m'masitolo a mu Cairo Road kapena ku Kamwala, tiuzeni zoti tikawerenge pa bokosi ndi zoti tikayese pomwepo tisanapereke ndalama.

Ine wanu,
Wojambula wa kwaya,
Chilenje, Lusaka