Alamu anga abwerera ku Fomu 3

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Joniko pamodzi ndi ana. Kuno ku Santhe tilipo, mvula ikugwa bwino ndipo fodya ali m'zigafa. Unandifunsa za alamu anga, akazi a achimwene aakulu, kuti zomwe unamva n'zoona kodi. N'zoona, akupita kusukulu. Ndikufotokozere mmene zinayendera, chifukwa anthu akuikamba mokhotetsa.

Ukukumbukira kuti anasiyira Fomu 2. Mayeso a JCE anakhoza bwino, koma zotsatira zimatuluka ali ndi pakati pa mwana woyamba uja, ndipo ankhoswe anafulumira kumanga banja n'kuwatengera kwathu kuchitengwa. Lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka linalipo kale, kuyambira 1993, koma pamudzi panalibe amene analitchula. Nawonso sanatchule. Ana anabadwa anayi, ndipo zaka zonsezi ine sindinawamvepo akunena mawu oti sukulu, kupatula pokalipira ana kuti afulumire. Satifiketi ya JCE inali pansi pa sutikesi, mkati mwa buku la nyimbo.

Chomwe chinawadzutsa ndi ntchito ya alangizi a zaumoyo. Alamu akhala akuthandiza kusikelo ya ana mongodzipereka, kuyeza makanda ndi kulemba m'mabuku, ndipo dzanja lawo ndi labwino kuposa la ena olipidwa. Itamveka nkhani yoti boma likulemba alangizi atsopano, anapita kukafunsa. Anawayankha mwaulemu kuti pakufunika MSCE. Anabwerako osalankhula, n'kukatenga khasu.

Sanathamangire kwa amuna awo tsiku lomwelo, ndipo apa ndi pamene ndimawapatsa ulemu. Anayamba apita okha kusekondale yoyendera ya kufupi kuno, komwe masana kumakhala sukulu ya openi. Ana a m'mawa akaweruka, aphunzitsi omwewo amaphunzitsa ena m'makalasi omwewo mpaka cha m'ma 5 koloko, ndipo safunsa zaka za munthu. Aphunzitsi aakulu ataona satifiketi ija anati atha kuyambira Fomu 3. Anawachenjeza kuti maphunziro anasintha: sayansi yomwe inali phunziro limodzi panopa anaigawa pawiri, fizikisi payokha, kemisitiri payokha. Anawauzanso kuti MSCE imatuluka munthu akakhoza maphunziro 6, Chingerezi chili momwemo, ndipo limodzi mwa amenewo likhale la kirediti kapena kuposa apo, kutanthauza giredi ya pakati pa 1 ndi 6. Ukalakwa Chingerezi, ngakhale masamu utawakhoza chotani, satifiketi palibe. Alamu anafunsa fizi ya pa teremu ndi ndalama ya mayeso a MANEB, n'kuziwerengera pa masheya awo a kubanki m'khonde ndi pa soya wa m'munda wawo waung'ono uja. Zinakwana, ngakhale mothina.

Kenako anadikira. Anadikira mpaka mabelo omaliza atagulitsidwa ku Chinkhoma, ngongole ya feteleza itadulidwa, achimwene mtima uli m'malo. Zotsatirazi anandiuza okha tikusenda mtedza.

Unali usiku, ana atagona. Anatulutsa satifiketi ija n'kuiika pamphasa pafupi ndi nyali.

"Bambo, ndili ndi mawu."

"Nenani, mayi."

"Ndikufuna ndibwerere kusukulu. Teremu ikuyamba Seputembala."

Achimwene akuti anaseka kaye, poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona kuti mnzawo sakuseka, anafunsa kuti, "Mwasowa chiyani pakhomo pano? Ndakumanani chiyani?"

"Simunandimane kanthu. Koma pepala ili ndalisunga zaka zonsezi, ndipo tsiku lililonse ndimadziwa pamene lili."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Munali musanandifunsepo. Inenso ndinkaopa kuti mukakana kamodzi, ndiye kuti yatha."

Achimwene anatuluka panja, ndipo kwa masiku angapo nkhaniyo sanaiyankhe. Nsima ankadya, moni ankayankha, basi.

Anthu akuti achimwene anakana chifukwa cha nsanje, kuopa aphunzitsi aamuna. Mwina pang'ono, mwamuna ndi mwamuna. Ena akuti ndalama, koma ndalama alamu anali atapeza kale. Ine achimwene anabwera kwanga, ndipo chomwe chinkawasowetsa tulo chinali fodya. Iwe wakulira kuno, ukudziwa. Teremu yoyamba imagwera pa nazale, pamene mbande zimafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo. Yachiwiri, kuyambira Januwale, ndiye pachimake: kuthyola m'mawa, kusoka masana onse, kupachika m'chigafa dzuwa lisanalowe. Fodya wothyola lero sadikira mawa, akaunjikana amatentha n'kuda, ndipo ku okushoni amagwa giredi. Tsono maola a sukulu ya openi ndi omwewo osokera. Pakhomo paja wosoka mwaluso ndi wosankha masamba ndi alamu. Achimwene anandifunsa kuti, "Achemwali, akachoka 1 koloko, abwere mdima, fodya asoka ndani?" Funso limenelo silinali lopusa, ndipo amene akuwanena achimwene kuti ndi ankhanza sanasokepo fodya.

Anakhalanso pansi, ulendo uno pali ankhoswe a mbali zonse, poti alamu anafuna kuti mawuwo akhale ndi mboni. Ankhoswe a kuchimuna anayamba ndi zija zoti mayi wa ana anayi kukhala pa desiki n'kuchititsa manyazi banja. Alamu sanakweze mawu. Anati munda wa fodya auchepetse ndi theka la ekala, pamenepo padzalidwe soya yemwe safuna manja ambiri. Kuyambira Januwale mpaka Malichi alembe waganyu wosoka, ndipo amulipira iwo ndi ndalama ya kubanki m'khonde. Loweruka ndi m'mawa monse akhala ali m'munda monga kale. Achimwene anawerengera pa zala, n'kunena kuti, "Tiyese chaka chimodzi." Alamu anati, "Zaka ziwiri, bambo. Fomu 3 yokha ilibe pepala." Ankhoswe anaseka, ndipo zinathera pomwepo.

Usaganize kuti zikuyenda myaa. Mwana wawo woyamba ali Fomu 2 pasukulu yomweyo m'mawa, ndipo milungu yoyamba ankazemba njira kuti asakumane ndi mayi ake atanyamula makope. Anzake ankamuseka. Panopa ndi iyeyo amene amawaphunzitsa masamu usiku, mokalipa ngati mphunzitsi weniweni. Waganyu uja anathawa sabata yachiwiri ya Febuluwale atapeza wolipira bwino, ndipo alamu anajomba masiku angapo. Aphunzitsi nawo masana amafika atatopa, ena osabwera n'komwe, choncho silabasi imatsalira ndipo wophunzira wa openi amayenera kuwerenga yekha kwambiri. Mayeso a teremu yoyamba Chichewa, zaulimi ndi bayoloje anakhoza bwino. Masamu anagwa. Chingerezi chili pamalire, chifukwa kumva amamva, koma chimangirizo chimawathera nthawi asanamalize, ndiye chomwe tikulimbana nacho ndi chimenecho.

Achimwene sanena kuti akondwa, si khalidwe lawo. Koma njinga anaikonza mabuleki n'kuwapatsa, ndipo tsiku lina ndinawapeza m'chigafa akusoka okha, akung'ung'udza kuti singano yake ndi yobuntha.

Tsono pempho langa ndi ili. Ukapeza wobwera kumudzi, utumizeko kakyuleta ya sayansi, ija yokhala ndi mabatani ambiri, pakuti panopa akubwerekana imodzi ndi mwana ndipo amakanganirana. Dikishonale ya Chingerezi, ngakhale yakale, ithandizanso. Mayi ako ndinawaona kutchalitchi, ali bwino, akungodandaula mwendo uja. Upereke moni kwa bambo a kunyumba ndi ana onse.

Ndine mnzako wa ku Santhe.