Ndinaika nthawi yoonera maimelo, pano abwana akuti ndisiye

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana awiri. Ndimagwira ntchito pa kampani ina yogulitsa katundu wa m'maofesi kuno ku Limbe, mapepala, inki ya pulinta, mipando ndi zina zotero. Ntchito yanga ndi kulemba makotesheni ndi mainvoisi komanso kukumbutsa makasitomala omwe sanalipire, ndiye pafupifupi chilichonse chimadzera pa imelo. Pa tsiku amabwera maimelo pafupifupi 60 koma ofunikadi kuti ineyo ndiyankhe saposa 15, enawo anthu amangondiika pa Cc kuti ndidziwe basi.

Vuto linali loti imelo ikangolowa kompyuta imalira, kauthenga nkutulukira pakona, ine basi ndasiya chomwe ndimachita ndatsegula. Ndikabwerera ku Excel ndaiwala mzere womwe ndinali, ndiyambirenso kuwonkhetsa. Tsiku lina ndinaganiza zolemba kamzere papepala nthawi iliyonse yomwe ndatsegula imelo, pofika nthawi yoweruka timizere tinali 47, ndinachita mantha. Mwezi womwewo ndinatumiza invoisi yolakwika, ndinalemba mabokosi 15 a mapepala m'malo mwa 51, chifukwa ndinaisiya pakati kukawerenga imelo yomwe sinkandikhudza nkomwe. Kunyumba nakonso chimodzimodzi, foni pambali pa mbale ya nsima, ikawala ndaitola. Mwana wanga wa sitandade 3 akundiwerengera homuweki anangotseka kope nkunena kuti amayi simukumva, basi ndikawafunsa adadi. Mawu amenewo anandilasa mtima mpaka lero.

Ndiye miyezi iwiri yapitayo ndinadziikira lamulo loti imelo ndizitsegula katatu kokha pa tsiku, 8:30 m'mawa, 12:00 ndisanapite ku lanchi ndi 4:00 madzulo, nthawi iliyonse mphindi 30 kapena 40. Mu Outlook ndinalowa pa File, kenako Options, kenako Mail nkuchotsa chizindikiro pa Display a Desktop Alert ndi pa Play a sound. Pafoni ndinazimitsa manotifikesheni a imelo ya kuntchito. Nthawi ikakwana ndimayamba ndi kuyang'ana mitu yonse, za Cc ndimaziponya mu foda yake osawerenga mpaka Lachisanu, zoyankhika pompopompo ndimayankha, zofuna kotesheni ndimazilemba mu kope langa nkutseka imelo ndikuyamba kuzigwira chimodzichimodzi.

Masiku oyamba sizinali zophweka, dzanja limangopita lokha pa mausi. Komanso panali msampha umodzi, ndikafuna mtengo womwe tinapatsa kasitomala mwezi watha ndimayenera kutsegula imelo kukasaka, ndiye ndikangotsegula maso agwera pa zatsopano, mphindi 20 zapita. Mnzanga wa maakaunti ndi amene anandionetsa batani la Work Offline pa Send / Receive, ukalidina zakale umaziona bwinobwino koma zatsopano sizilowa. Linandithandiza, kungoti nalonso lili ndi vuto lake, zomwe ukutumiza zimakhala mu Outbox mpaka ulidinenso. Lachiwiri lina invoisi inagona momwemo ine ndili ndi mtima woti yapita, ndinadziwa m'mawa mwake kasitomala ataimba. Pano ndisanatseke kompyuta ndimayang'ana kaye ngati Outbox ilibe kanthu.

Koma kunena zoona Azakhali, zinthu zinasintha. Makotesheni omwe ndinkamaliza cha m'ma 6 pano ndimamaliza 3 koloko isanakwane, chiyambireni sindinalakwitsenso nambala, ndipo minibasi ndimakwera kukadali kowala. Mutu womwe unkandipweteka madzulo aliwonse unasiya.

Tsono sabata yatha Lachinayi ndi pomwe zinavuta. Kasitomala wathu wamkulu, sukulu ina yapulaiveti, anatumiza imelo 9:10 yopempha kotesheni ya mipando 40 ndi madesiki 20, analemba kuti akuifuna isanakwane 11:00 chifukwa komiti yawo yogula zinthu ikumana masana omwewo. Ine ndinali nditatseka imelo 9:00, ndinaiona 12:00. Ndinailemba mothamanga nkutumiza 12:25, ndinaimbanso foni kupepesa koma anati atenga kale makotesheni atatu kwa ena, ndipo sangatsegulenso nkhaniyo. Oda yonseyo inatidutsa. Abwana atamva anandiitanira mu ofesi mwawo, anandifunsa kuti imelo ya 9 koloko mungaione bwanji 12 pomwe muli pampando pomwepo, ndinawafotokozera za ndondomeko yangayi, anati zimenezo ndi za anthu omwe alibe makasitomala, kuyambira lero imelo izikhala yotsegula tsiku lonse ndipo chilichonse chiziyankhidwa pasanathe mphindi 15.

Sindikuwada abwana, ndalama yatayikadi ndipo kulakwa kwanga ndikukuona, ndinayamba zimenezi osauza munthu aliyense, iwowo ngakhale makasitomala. Ndikanakhala kuti ndinawauza a kusukuluwo kuti zachangu aziimba foni bwenzi izi zisanachitike. Koma nditabwerera kunyumba ndinakhala pansi nkuwerenga maimelo onse a miyezi iwiriyi, omwe sakanadikira maola atatu ndinapeza anayi okha, atatu mwa iwo eni ake anaimbanso foni, imodzi yokhayi ndi yomwe inandipulumuka. Ndiye zikundiwawa kuti chifukwa cha imelo imodzi ndibwerere ku moyo uja wa timizere 47. Masiku anayi omwe ndatsatira lamulo la abwanawa ndaweruka mochedwa onse, ndipo dzulo ndinapezanso kuti ndaiwala kuika VAT pa kotesheni, mwayi ndinaona ndisanatumize.

Zomwe ndikuganiza ndi izi koma sindinawauze. Ndionjezere nthawi zikhale zisanu, 8:00, 10:00, 12:00, 2:00 ndi 4:00, kuti imelo isamakhale maola opitirira awiri osaonedwa, ya Lachinayi ija ndikanaiona 10:00 nkutsala ndi ola lathunthu. Kenako ndipange lamulo mu Outlook pa Rules loti imelo ikachokera kwa abwana kapena kwa makasitomala athu asanu akuluakulu izitulukira pa sikilini nthawi yomweyo, ena onse azidikira nthawi yawo. Ndipo pansi pa imelo iliyonse yomwe ndikutumiza pakhale mzere wonena kuti ngati nkhani ikufunika pasanathe maola awiri imbani foni ya ku ofesi. Chomwe chikundidetsa nkhawa nchoti mzere umenewu makasitomala ena angauone ngati mwano, ngati ndikuwauza kuti ndilibe nawo nthawi, komanso kasitomala watsopano yemwe sali pa mndandanda wa asanu aja akhoza kugwa m'dzenje lomwelija.

Amuna anga akuti ndingomvera abwana, ntchito ikusowa masiku ano ndipo wamkulu akalankhula sutsutsana naye mkwiyo usanaphwe. Mnzanga wa maakaunti uja akuti ndizingochita mwakachetechete osanena kanthu, koma ine zobisa ndi zomwe zandifikitsa pano, sindikufuna kubwerezanso.

Ndiye ndithandizeni Azakhali. Ndidikire masiku angati ndisanawapeze abwana, ndipo ndiyambe ndi mawu otani kuti zisaoneke ngati ndikukana lamulo lawo? Ndiwapemphe kuti tiyese kasanu pa tsiku kwa masabata awiri aone okha, kapena pa ntchito ngati yangayi yodalira makasitomala zoika nthawi sizingatheke ndipo ndingovomereza? Nanga akakana zonse, madzulo ndi wikendi ndili ndi ufulu wozimitsabe imelo ya kuntchito pafoni panga, poti foniyo ndi bandulo yomwe ndimagula ndekha?

Ine mwana wanu,
Mayi wa ku Limbe