Mwana wanga, za mowa umene ukumwawo

Mwana wanga wokondedwa,

Ine ndili bwino, miyendo yokhayi ndiyo ikuvutabe kukazizira. Mlongo wako wandiuza zimene sunafune kuti ndimve, ndipo usamukalipire, ndinachita kumuumiriza. Akuti masiku ano wayamba kumwa kachasu ndi mowa wina wa m'mabotolo opanda dzina, umene mnzako uja amabwera nawo madzulo. Chimvereni zimenezi tulo sindikuliona.

Ndiwe munthu wamkulu, sindingakulande botolo m'manja. Koma zimene ndinaona zaka zonse zija ndikugwira ntchito ya unamwino ndiyenera kukuuza, kaya ukwiya.

Mowa umene anthu amamwa kuti aledzere dzina lake ndi ethanolo. Uli ndi m'bale wake wotchedwa methanolo, amene amagwiritsidwa ntchito m'mafakitale, posungunula penti ndiponso ngati mafuta oyatsira moto. Ukaziika ziwirizi m'makapu, zonse n'zoyera ngati madzi, fungo n'lofanana, pakhosi zimawotcha mofanana. Lilime lako silingasiyanitse, ngakhale la mnzako amene amadzitama kuti mowa amaudziwayo. Ena amati ukayatsa kadontho n'kuona mtundu wa lawi udziwa ngati mowawo uli bwino. Limenelo ndi bodza, ndipo lapha anthu.

Methanolo amalowa mumowa m'njira ziwiri. Zipatso zikamasasa, makamaka za makoko ndi zamkati zambiri, zimatulutsa methanolo pang'ono, ndipo potcheza iye amawira msanga, pa madigiri 65, pamene ethanolo amadikira mpaka 78. N'chifukwa chake otcheza osamala amataya madontho oyamba, ngakhale kutaya kumeneko sikuchotsa yense. Koma imene imagoneka anthu ambiri tsiku limodzi ndi njira yachiwiri, ya dyera. Wogulitsa amathira madzi kuti mowa uchuluke, kenako n'kuthiramo methanolo wa m'fakitale, amene ndi wotsika mtengo, kuti ukali ubwerere. Botolo likamafika kwa iwe ladutsa m'manja angati? Mnzakoyo sadziwa, ndipo amene anamugulitsayo mwina sadziwanso.

Mamililita 10 a methanolo weniweni, amene ndi masupuni awiri aang'ono, angathe kumuchititsa munthu khungu. Mamililita 30 angathe kupha. Taganiza, mwana wanga, masupuni awiri okha.

Ndikulemba izi ndikuona nkhope ya malume ako. Unali wamng'ono, umangodziwa kuti ankayenda ndi ndodo ndipo iwe unkakonda kuwagwira dzanja powatsogolera. Sitinakuuze chimene chinachitika. Anamwa Loweruka madzulo, ndipo anabwera kunyumba akuyenda okha bwinobwino, osaledzera kwambiri n'komwe. Lamlungu m'mawa anadzuka mutu ukuwawa, akusanza, m'mimba mukupota. Aliyense anati ndi matsire, agone ziwathera. Ine ndinali kuntchito. Pofika madzulo anayamba kutikita m'maso, akuti m'nyumba mwadzaza utsi, chonsecho panalibe moto. Kuwala kwa pawindo kunkawalasa. Usiku anafunsa kuti ndani wazimitsa nyale, nyaleyo ikuyaka pamaso pawo. Nditafika Lolemba m'mawa ndinawapeza akupuma mofulumira ndi mozama ngati munthu amene wathamanga mtunda wautali, koma atangogona pamphasa. Nditawaunika m'maso ndi tochi, timadontho takuda tapakati tija tinali titakula, osachepa ngakhale pang'ono. Ndinadziwa pomwepo kuti tachedwa. Moyo wawo unapulumuka kuchipatala, koma maso sanabwerere. Mmodzi wa anzawo amene anamwa nawo botolo lomwelo tinamuika m'manda sabata yomweyo.

Chimene chimapusitsa anthu ndi kuchedwa kumeneku. Methanolo akangolowa sapweteka nthawi yomweyo. Chiwindi ndicho chimamusandutsa, pang'ono ndi pang'ono, kukhala asidi wotchedwa fomiki, ndipo asidi ameneyu amalepheretsa timaselo ta m'thupi kugwiritsa ntchito mpweya. Mtsempha umene umanyamula zimene diso laona kupita ku ubongo ndiwo umayamba kufooka, magazi nawo amadzaza asidi. Kupuma kozama kuja ndi thupi likuyesetsa kuchepetsa asidiyo. Zonsezi zimatenga maola 12 mpaka 24 kuti zionekere, ndipo ngati mumowamo munalinso ethanolo wambiri zimatha kutenga masiku awiri kapena kupitirira, chifukwa chiwindi chimayamba chathana ndi ethanoloyo. Munthu amadzuka, amapita kuntchito, akuganiza kuti za dzana zinatha.

Ndiye undimvetsetse. Matsire wamba amapepuka dzuwa likamakwera, munthu akamwa madzi n'kupumula. Ukaona kuti m'malo mopepuka zikukulirakulira, mutu ukuwawa koposa mowa umene unamwa, kusanza sikuleka, m'mimba mukupweteka kwambiri, uyambe kukayikira. Koma maso akangosintha, kaya ukuona ngati chifunga, kaya timadontho tikuuluka, kaya kuwala kukukupweteka, usadikirenso china chilichonse. Matsire sachititsa munthu kuona chifunga. Chimodzimodzi ukaona mnzako akupuma mwaphuma, akulankhula zosokonekera tsiku lotsatira pamene mowa unayenera kukhala utamuthera, kapena akukomoka, akugwedezeka, osadzutsika. Ameneyo si woti n'kumufunditsa kuti agone.

Pita kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Usadzisanzitse ndi chala, poizoniyo analowa kale m'magazi. Mkaka suthandiza, kusamba madzi ozizira sikuthandiza. Tenga botololo kapena mowa wotsalawo upite nawo. Ndipo ukafika, manyazi uwasiye pakhomo. Ndaona anthu akubisa kuti anamwa, akungoti mutu, ife n'kumafufuza matenda ena maola akupita. Uwauze mosabisa kuti unamwa mowa wosadziwika, unamwa liti, wochuluka bwanji, ndipo ukuopa methanolo.

Mankhwala alipo munthu akafulumira. Pali otchedwa fomepizolo amene amaletsa chiwindi kupanga asidi uja. Kumene kulibe, madokotala amapereka ethanolo woyezedwa bwino kuti chiwindi chitanganidwe naye. Amaperekanso mankhwala ochepetsa asidi m'magazi kudzera m'diripi, ndipo zikafika poipa amasefa magazi ndi makina a dayalisisi. Ndikudziwa mmene mutu wako umayendera, ndiye ndinene msanga: zimenezi sizikutanthauza kuti ukadwala uzipitiriza kumwa kunyumba n'kumati ndi mankhwala. Botolo lachiwiri likhoza kukhala ndi poizoni yemweyo, ndipo kuchipatala amayeza magazi pamene akupereka. Mankhwala onsewa amaletsa kuonongeka kumene kusanachitike. Mtsempha wa diso ukafa, nthawi zambiri wapita.

Uwauzenso onse amene munamwa nawo kuti akapimidwe, ngakhale amene akuti akupeza bwino. Mnzawo wa malume ako uja ankaseka Lamlungu masana.

Ndakukalipira mokwanira. Ukudziwa kuti ndimakunyadira, momwe wadziimira pawekha osavutitsa munthu. Koma mnzako ameneyo sindikumukhulupirira, ndipo mowa wopanda dzina, wotsika mtengo modabwitsa, kapena botolo limene chitsekero chake chinatsegulidwapo kale, uzikane ngakhale akuseke. Ngati kusiya kukukuvuta, undiuze ineyo, sindikuchititsa manyazi, tikafuna thandizo limodzi. Malume ako ankandifunsa kawirikawiri kuti wakula bwanji, ukufanana ndi ndani, ine n'kumawafotokozera nkhope yako.

Undiyankhe sabata ino, ndipo undiuze zoona: maso ako akuona bwino?

Ndine mayi ako.