Mvula yatilanda bwalo

Achimwene,

Kalata yanu yafika. Ndiye mukuti ku Joniko mumasewera pa bwalo losadikha madzi? Nanga mimba ija yaphwa, kapena mukuthamanga nayo yomweyo? Kuno Januwale wavuta, bwalo lathu la kudambo lija langokhala ngati dimba la mpunga.

Matope sakundisowetsa tulo ayi, koma kauzidwe kake kwa anyamata. Mukangolengeza kuti lero kulibe treningi, mwana amamva kuti mitambo ikada ndi holide, ndipo tsiku lotsatira amadzipumitsa yekha osafunsa. Choncho ine sindiimitsa, ndimangosamutsa. Ndimamvera zanyengo pa wailesi m'mawa, ndipo 12 koloko ikakwana uthenga umapita, kaya kwacha bwino kaya kwaipa, kuti azolowere kuudikira. Wadzulo unali wotere: "Treningi ilipo lero, 4 koloko, ku holo ya tchalitchi. Jombo siyani kunyumba, pansi ndi pa simenti. Yankhani kuti ndibwera." Malo othawirako ndi amodzi omwewo nthawi zonse, kuti ngakhale amene uthenga wamuphonya akapeza bwalo lili madzi okhaokha adziwe kolowera. Loweruka timayamba 6 koloko m'mawa, poti mvula ya kuno imakonda masana.

Koma mafoni, achimwene! Ambiri pagulu la WhatsApp lija manambala ndi a makolo. Bambo ali kuntchito, foni ili m'thumba, uthenga mwana adzaumva usiku pa nsima. Ena bandulo inatha kalekale. Ndinagawa timu m'magulu, wamkulu aliyense ali ndi anzake atatu oyandikana nawo oti akawagogodere pakhomo, ndipo amene sanayankhe pofika 2 koloko ndimamuimbira ndekha. Goloboyi wathu uja nambala yake ndi ya agogo ake. Ndikaimba, agogo amayamba ndi mwendo wawo, abwere ku mbuzi, mayunitsi n'kutha ndisanatchule holo. Mwana ameneyu akadzajomba kawiri motsatizana ndikudziwa kuti anzake a kuvidiyo amutenga, ndipo zimandiwawa, chifukwa manja ngati ake sitidzawapezanso.

Pa mphenzi pokha sindinyengerera. Kukang'anima ndimawerenga masekondi, ndipo bingu likamveka ndisanafike pa 30, ndiye kuti ili pafupi, mkati mwa makilomita 10. Onse m'nyumba, osati pansi pa mtengo wa mango uja, ndipo timadikira mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Makolo atamva lamuloli anayamba kumasula ana mosavuta. Okhala kutsidya kwa mtsinje ndimawauza poyera kuti madzi akadzaza asawoloke, malo awo mu timu sawataya.

Mlamu wanu anachira bwinobwino, ndi wamwamuna. Za mipira iwiri munalonjeza ija, mu holomo timafuna yofewa chifukwa cha mawindo, komanso abusa anena kale kuti likangosweka limodzi... pepala landithera, ndidzapitiriza.

Ine mbale wanu