Inu a banki, ndibwezereni K1,200 yanga

Akuluakulu a banki, ndalemba pano poyera chifukwa kuinibokosi kwanu ndakhala ndikulankhula ndekha ngati wamisala kwa sabata ziwiri tsopano. Ndine kasitomala wanu wa kuno ku Ngabu.

Pa 3 Okutobala ndimafuna kukankha K85,000 kuchoka ku akaunti kupita pa foni yanga kuti ndilipire anyamata omwe amandisosera munda wa thonje. Koyamba, 14:07, apu yanu inangozungulira kenako nkulemba Failed, pa foni sipanalowe kanthu. Ndinayesanso 14:09 zinatheka, anyamata ndinawalipira nkuiwala. Ndazitulukira mochedwa pomwe mlamu wanga amakana zoti ndinamutumizira ndalama ya mbuzi tsiku lomwelo m'mawa, ndiye ndinajambula sikirinishoti ya mndandanda wa zomwe ndalipira kuti ndimuonetse, pokulitsa chithunzicho ndi zala ndi pomwe ndinaona kuti china chake sichikugwirizana.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ndisanayambe munali K212,400. Pa 14:07 munadula K85,000 ndi chaji ya K1,200. Pa 14:09 munadulanso K85,000 ndi K1,200 ina, kutsala K40,000. Mawa lake pali mzere wa Reversal, mwabweza K85,000 yokha basi, balansi nkukhala K125,000. Koma ndalama inapita kamodzi, ndiye chaji imayenera kukhala imodzi ndipo munayenera kutsala K126,200. Mizere iwiriyo ili ndi nambala za Ref zosiyana, ndipo Ref ya pa Reversal ndi ya 14:07 yomwe inakanika ija, kutanthauza kuti makina anu omwe akuvomereza kuti ntchito sinagwirike. Nanga chajiyo ndalipirira chani?

Nditaimba, mayi amene anayankha anandilankhula mwaulemu ndithu, sindiwanamizira, koma akuti chaji siibwezedwa chifukwa ndinadina ndekha kawiri. Eee ndinadina kawiri, nanga munthu ukaona Failed umatani, ukhale pansi uzidikira anthu aganyu ali pakhomo ndi makasu awo? Kenako akuti ndipite ku nthambi ndikalembe fomu. Mayi, kuchoka ku Ngabu kukafika ku Nchalo ndi kubwerako ndalama ya minibasi ikuposa yomwe ndikulondolayo, ndiye ndi dzuwa la mwezi uno kuno kuchigwa ndikaime pamzere chifukwa cha kulakwitsa kwanu?

Ena muziti K1,200 ndi yochepa. Kuno imeneyo ndi ndiwo zamadzulo.

Sikirinishoti ndaiika m'munsimu, nambala ya akaunti ndaiphimba koma nthawi, ma Ref ndi balansi zikuoneka bwinobwino. Ndikufuna mubweze K1,200 ku akaunti komweko ndipo mundipatse nambala ya dandaulo langa polemba, osati pakamwa. Likafika Lachisanu kuli zii, chithunzi chomwechi ndi kalata zikupita ku Reserve Bank of Malawi.