Lipoti la maphunziro a kagulitsidwe ka malonda pa imelo: maimelo asanu kwa wogula mmodzi

A Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse a kopaletivi yathu, zikomo pondituma ku maphunziro a ku Lilongwe aja. Tinaphunzira zambiri, koma mu lipotili ndikhazikika pa mutu umodzi womwe ukukhudza mpunga uli m'nkhokwe yathuwu: momwe tingalemberere ogula akuluakulu, monga mahotela ndi malo ogona alendo a kunyanja, kasanu konse popanda kuwatopetsa.

Wogula zakudya pahotela sayankha imelo yoyamba kawirikawiri. Nthawi zina amakhala kuti mpunga akadali nawo, nthawi zina ali kale ndi womubweretsera, kapenanso imeloyo yafika kwa munthu wosayenera. Kulembanso n'koyenera ndithu. Chomwe chimalakwika ndi zomwe timalemba ulendo wachiwiriwo. Ambiri amangoti akukumbutsa za imelo ija, kenako afunsenso ngati anaiona, mawu omwewo kutembenuza uku ndi uku. Wolandirayo sapezamo kanthu koma ntchito yoti ayankhe. Aphunzitsi anatipatsa muyeso wosavuta: werengani imelo iliyonse payokha, ngati kuti zinazo kulibe, ndipo mudzifunse chimene wogula wadziwa lero chomwe dzulo samachidziwa. Mukapanda kuchipeza, musaitumize.

N'chifukwa chake maimelo onse asanu amakonzedwa pamodzi, yoyamba isanatumizidwe. Timayamba ndi kulemba mafunso amene wogula amakhala nawo mumtima, kenako funso lililonse n'kuligawira imelo yake. Ukathira zonse mu imelo yoyamba, zinayi zotsalazo umasowa chonena, ndipo kubwereza kuja kumayambira pomwepo.

Pa nthawi yoyeserera ine ndinatenga mpunga wathu wa Kilombero, wogula n'kukhala mkulu wa kukhitchini pahotela ya ku Salima. Imelo yoyamba ndi yaifupi, ziganizo zinayi kapena zisanu: ndife ndani, tili kuti, tili ndi matumba angati a makilogalamu 50 a mpunga wopuntha kale. Imatha ndi funso limodzi lokha, lakuti kodi iwo ndi amene amagula mpunga pahotelapo, ndipo ngati si iwo atilozere woyenera. Mtengo sitiutchula pano.

Pakapita masiku atatu kapena anayi, yachiwiri imakamba za ubwino wa mpungawo, ndipo apa m'pamene ndinaona kuti tili ndi zonena zenizeni. Wophika sasamala mawu akuti mpunga wathu ndi wabwino kwambiri, chifukwa wogulitsa aliyense amatero. Amafuna kudziwa ngati muli miyala, ngati wosweka ndi wochuluka bwanji, komanso ngati unauma mokwanira. Mpunga wosapuntha umasungika bwino chinyezi chake chikakhala 14 peresenti kapena kutsikirapo. Chikapitirira, umachita nkhungu, umasanduka wachikasu ndipo fungo lija la Kilombero limatha. Tsono mu imeloyi timalemba chinyezi chimene tinayeza, gawo la wosweka pa kilogalamu imodzi, ndi kuti unadutsa m'makina ochotsa miyala, n'kuikapo chithunzi chimodzi cha mpunga uli m'dzanja. Ngati tili ndi chiphaso cha Malawi Bureau of Standards pa mpunga umenewo, malo ake otchulira ndi ano. Manambala amenewa akhale oyezadi, A Wapampando, chifukwa wophika adzawatsimikiza tsiku loyamba lomwe adzatsuke mpungawo.

Yachitatu, patatha pafupifupi sabata, ndiyo ya mtengo ndi mayendedwe. Mtengo ukhale wofikitsa pakhomo pawo, osati wa pankhokwe pathu, kuti wogula asavutike kuwerengera thiransipoti. Tinenenso matumba ochepetsetsa amene tingabweretse ulendo umodzi, masiku amene amadutsa kuchokera pomwe aitanitsa, ndi njira yolipirira.

Yachinayi imabweretsa umboni, ndipo pempho lake ndi laling'ono kuposa kugula. Timawauza kuti tikhoza kuwasiyira makilogalamu awiri aulere kuti aphike okha aone, angotiuza tsiku ndi munthu womupatsira. Ngati pali kasitomala wathu wakale amene wavomera kuti timutchule, tiikepo mawu ake enieni. Popanda chilolezo chake tisamutchule, ndipo mawu ongopeka ayi. M'maganizo mwanga imelo iyi ndi imene ingatitsegulire makomo ambiri, popeza kuvomera kulawa n'kosavuta kusiyana n'kuvomera matumba makumi awiri kwa anthu omwe sunawaonepo.

Yachisanu imatsekera, pakatha masabata atatu kapena anayi chiyambireni. Nayonso ikhale ndi chatsopano, ndipo chatsopano chake ndi nyengo. Tonse tikudziwa kuti mpunga umachuluka pamsika tikangokolola, cha m'ma Meyi mpaka Julaye, ndipo mtengo umakwera chaka chikamapita kumapeto kulowa m'miyezi ya mvula. Timamuuza wogula kuti mtengo tinatchula uja ukhala mpaka tsiku liti, n'kunena poyera kuti iyi ndi imelo yomaliza, ndipo tikupempha ngati angalole kuti tidzawalemberenso pokolola. Tsiku lotchulidwalo likhale loona. Tikanena kuti mtengo utha pa 30 kenako pa 5 mwezi wotsatira n'kuwapatsa womwewo, sadzatikhulupiriranso. Tikanenanso kuti ndi yomaliza, ikhaledi yomaliza.

Munthu akangoyankha, ngakhale pa imelo yachiwiri, ndondomeko yonse imaima ndipo timayamba kucheza naye pa zomwe wafunsa. Izi zimavuta kwa amene amakonzeratu maimelo onse ndi batani la Schedule send mu Gmail, chifukwa Gmail siimitsa yokha maimelo odikira munthu akayankha. Uyenera kulowa mu Scheduled n'kuwachotsa wekha, apo ayi wogula amene wavomera kale kulawa mpunga adzalandira imelo yomupempha kuti alawe. Amene wanena kuti tisamulemberenso, dzina lake lichotsedwe tsiku lomwelo. Aliyense alandire imelo yakeyake yotchula hotela yake, osati mahotela onse kuwaunjika pa mzere umodzi kuti azionerana maadiresi.

Funso linabuka m'kalasimo la momwe tingadziwire kuti ndondomeko ikuyenda. Mapulogalamu ena amaonetsa anthu amene atsegula imelo, koma nambala imeneyo ndi yosadalirika. Kuyambira mu 2021 pulogalamu ya Mail ya pa mafoni a Apple imatha kuonetsa kuti imelo yatsegulidwa pamene mwini wake sanaiwerenge. Choti tiziwerenga ndi mayankho, ndi kulemba kuti yankho lililonse labwera pa imelo yachingati. Ngati ambiri akuyankha pa yachitatu, ndiye kuti mtengo ndi umene amadikira, ndipo tiubweretse msanga. Ngati onse angoti zii mpaka yachisanu, tiyambe taona ngati tikulembera anthu oyenera tisanasinthe mawu. Adiresi yoyamba ndi info@ nthawi zambiri imawerengedwa ndi olandira alendo, osati ogula zakudya.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti tiyesere ndondomekoyi pa mahotela khumi okha, ndi kaundula wolembamo dzina la hotela, tsiku la imelo iliyonse ndi yankho lake. Tisanayambe, komiti ivomereze mtengo wofikitsa ndi tsiku limene udzathere, ilole makilogalamu 20 olawitsa, ndipo a kunkhokwe atiyezere chinyezi ndi gawo la wosweka. Maimelo asanuwo ndawalemba kale ndipo ndawasiya kwa alembi kuti muwaone pa msonkhano ukubwerawu.