Lipoti la maphunziro a kalata yofunsira ntchito ku banki

Anzanga nonse, ndabwerako ku maphunziro munandituma aja, ndipo zikomo ndi ya thiransipoti munasonkha. Zinakambidwa zambiri koma ine ndikupatsani gawo la kalata yofunsira ntchito poti ndi lomwe ambiri mumafunsa.

Amene amaphunzitsa anali mayi wina yemwe wakhala zaka zambiri akusankha anthu olembedwa ntchito ku banki. Iwo sanayambe ndi malamulo ayi, anangotenga kalata ya mtsikana wina amene anavomera yekha kuti ikonzedwe pagulu. Mtsikanayo amafunsira ntchito ya pakauntala ija, yolandira ndi kupereka ndalama, ndiye kalata yake inali mapeji atatu odzadza, kuyambira ku pulayimale, kwaya, u pulifekiti wa ku sekondale, mpaka nkhani yoti akulera abale ake ndiye amumvere chisoni. Mayiwo anati ndime ya chisoniyo ichoke poyamba, poti ukauza banki kuti uli pa mavuto aakulu a ndalama pamene ukupempha ntchito yogwira ndalama za anthu tsiku lonse, wowerengayo akhonza kuchita mantha m'malo momva chisoni. Ine zimenezi sindinaziganizepo ndipo ndikuona kuti ndi zoona.

Kenako anaika chilengezo cha ntchitoyo pambali pa kalata nkudula mzere pansi pa zinthu zomwe banki ikufuna, zinapezeka zitatu: kusamala ndalama osalakwitsa, kuthandiza makasitomala, ndi dipuloma. Chiganizo chilichonse cha mkalata amachifunsa kuti kodi chikuyankha chiti mwa zitatuzi, chikasowa yankho chikuchoka, ngakhale chikhale chokoma bwanji.

Chodabwitsa nchakuti zinthu zofunika kwambiri mtsikanayo anazibisa pa peji yachitatu mu mzere umodzi, kuti anagwirapo pa shopu ya ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba zaka ziwiri, iye amachita manyazi nazo poti amaona ngati si ntchito yeniyeni. Mayi aja anamupanikiza ndi mafunso, patsiku mumadutsa ndalama zingati, madzulo mumabalansa bwanji, shoti inakugweranipo kangati. Atayankha panatuluka chiganizo choti amagwira pafupifupi K1,500,000 patsiku, madzulo aliwonse amafananitsa ndalama za m'kabati ndi floti ya mufoni komanso buku, ndipo chaka chomaliza chonse sanakhalepo ndi shoti. Chachiwiri chinali choti asanapereke ndalama amaona kaye chiphaso cha unzika, zomwe ku banki amachitanso, ndipo anagwirapo ma K5,000 achinyengo. Chachitatu, anali msungichuma wa banki m'khonde ya anthu 25 ndipo pogawana kumapeto kwa chaka masamu anagwirizana. Basi zitatuzo ndi zomwe zinatsala, ndipo zinalowa m'malo mwa mawu onse aja oti ndine wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu, amene aliyense amalemba ndipo palibe angawatsimikize.

Apa anachenjeza kuti manambala musakokomeze, chifukwa pa intavyu adzakufunsani kuti K1,500,000 imeneyo mumaisunga pati, ndipo akhonza kuimbira bwana wanu wakale. Komanso dzina la kasitomala kapena ndalama za munthu wina musatchule ngakhale pang'ono, ku banki chinsinsi ndi nkhani yaikulu.

Kalata inatsala ndime zinayi. Pamwamba mzere wa RE: wokhala ndi dzina la ntchito ndendende momwe alembera pa chilengezo, ndi nambala yake ngati ilipo. Ndime yoyamba ziganizo ziwiri zokha, ntchito yomwe ukufuna ndi dipuloma yako. Yachiwiri ndi yachitatu zopambana zija. Yomaliza chifukwa chimodzi chenicheni chofunira banki imeneyo, ndi nambala ya foni. Magiredi a MSCE ndi maina a anthu okuchitira umboni anapita ku CV, kalata isamabwereze CV.

Panali mnyamata wina anafunsa kuti bwanji osangochepetsa zilembo kuti zonse zikwane pa peji imodzi, anthu anaseka koma ambiri timaterodi. Yankho linali loti zilembo zikhale pa 11 kapena 12, pepala la A4, m'mbali musiye mpata, ikapanda kukwana ndiye kuti muli zinthu zoti zichoke. Ukamaliza usunge ngati PDF nkutsegulanso pafoni, chifukwa nthawi zina siginecha yokha imagwera pa peji yachiwiri iwe osadziwa. Ndipo amene mumatumiza kalata imodzi ku National Bank, NBS ndi FDH tsiku limodzi, onetsetsani dzina la banki pa adiresi ndi mkati momwe, akuti makalata otamanda banki ina amawalandira ndithu.

Pomwe ine sindinagwirizane ndi mayi aja kwenikweni ndi pa kasanjidwe ka zopambanazo ngati ukufunsira ntchito ya ngongole, kumeneko ndikuona kuti za banki m'khonde zikuyenera kubwera poyamba, makamaka momwe mumatolera ngongole kwa ochedwa kubweza, osati za floti.

Loweruka aliyense abwere ndi kalata yake yosindikiza, chilengezo cha ntchito yomwe akufuna ndi cholembera chofiira, tidzakonza awiriawiri. Amene mulibe chilengezo ndiuzeni pofika Lachinayi ndikupezereni.